Tisanagule anapiye: mawu a aphunzitsi a Jere ndi zimene gulu linayankha

Nachisale (mlembi): Mwaswera bwanji nonse. Amene simunabwere Loweruka, makamaka inu muli ku Mowatize ndi ku Tete, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndalama ya anapiye sinatuluke. Sinatuluke chifukwa aphunzitsi a Jere, amene tinawaitana kuti adzatilankhule, anapempha kuti tidikire kaye. Ndinajambula mawu awo pafoni ndipo ndawalemba apa monga anayankhulira, ndangochotsa malonje ndi pemphero. Werengani mpaka kumapeto musanayankhe chonde.

"Ana anga, ndamva kuti m'thumba la gulu muli mametikali 24,000, ndalama ya thukuta lanu, ya ganyu wokumba mbatatesi ndi ya shitiki. Ndamvanso funso limene mwabwera nalo lero, loti tiwete nkhuku zoyera kapena ayi. Funso limeneli ndi limene ndabwera kudzakana. Sindikukana nkhuku. Mwina nkhuku ndiye zoyenera. Koma funso la eya kapena ayi limakutsekerani m'chipinda ndi ganizo limodzi, ndipo ganizo likakhala lokha limaoneka labwino nthawi zonse, poti palibe linzake loliyerekeza nalo. Amene akulikayikira amangokhala chete chifukwa alibe china choti aike patebulo, ndipo akatsegula pakamwa amaoneka ngati akudana ndi mwini ganizo.

"Inu nonse mwasankhapo mbewu ya mbatatesi. Palibe amene amatola yoyamba kuigwira pamulu n'kupita nayo kumunda. Mumayala zambiri pansi, mumaona yamaso abwino, yoola mumaitaya, kenako mumatenga. Ndalama ya gulu muichitirenso chimodzimodzi.

"Choyamba, konzani funso. Lisakhale la nkhuku. Likhale loti: ndalama iyi igwire ntchito yanji kuti pofika Novembala, nthawi yogula feteleza, ikhale itabwerera ndi kena kake pamwamba? Funso likakhala choncho, nkhuku ndi yankho limodzi chabe mwa mayankho ambiri.

"Chachiwiri, aliyense akhale payekha ndi pepala kwa mphindi 10, osayankhulana, alembe maganizo osachepera asanu. Ndikuti asanu chifukwa awiri oyamba amakhala omwewo amene aliyense m'mudzi akuchita kale. Lachinayi ndi lachisanu ndiye limakutulutsani thukuta, ndipo zatsopano zimabisala pamenepo.

"Chachitatu, muzungulire. Aliyense atchule ganizo limodzi, mlembi alembe pabolodi, wina atchule, mpaka mapepala onse athe. Nthawi imeneyi palibe kuseka, palibe kunena kuti zimenezo zinalephereka kwa akuti, palibenso kuwomba m'manja. Wapampando ndi msungichuma atchule pomaliza. Kuweruza kuli ndi tsiku lake, ndipo tsiku limenelo mudzaweruze mopanda chifundo, ndi mitengo yeniyeni yochokera kumsika. Koma mukasakaniza kutulutsa maganizo ndi kuweruza, wachitatu kuyankhula adzakhala womaliza."

Pambuyo pake tinachitadi zimenezi. Tinalipo anthu 14, pabolodi panatuluka maganizo 41. Titaphatikiza ofanana anatsala 17. Aphunzitsi ndawaika pagulu lino kwa sabata ino kuti ayankhe okha.

Wapampando: Zikomo mlembi. Ine ndinene poyera kuti mtima wanga sunakhazikike. Aphunzitsi ndimawalemekeza, anandiphunzitsa kuwerenga. Koma za nkhukuzi tinagwirizana kale pamsonkhano wa Epulo, ndipo palibe amene anatsutsa. Tsopano tili ndi maganizo 17, ena mwa iwo ndi maloto, monga kugula chigayo. Kodi sitikungotaya nthawi? Gulu likazolowera kubwereza zimene linamanga kale, palibe chidzatheke.

Tiyese: Ine ndagwirizana ndi aphunzitsi kwathunthu. Kuika ndalama yonse pachinthu chimodzi n'koopsa. Tigawe: ina ku nkhuku, ina ku nyemba, ina ku dimba, ina ku chiwaya. China chikagwa china chitidzutsa.

Esinati (msungichuma): Achimwene a Tiyese, si zimene ananena. Anati tiganize zambiri, osati tichite zambiri. Tikagawa 24,000 panayi ndi 6,000 chilichonse. Ndi 6,000 mugula anapiye, koma chakudya chawo chichokera kuti? Tidzakhala ndi timabizinesi tinayi tanjala ndi anthu anayi okangana.

Tiyese: Koma nanga phindu la maganizo ambiriwo lili pati ngati pamapeto tisankha limodzi lokha? Ena 16 aja angopita padera?

Aphunzitsi a Jere: Moni ana anga. Ndiyambe ndi Tiyese, kenako ndibwere kwa a wapampando.

Tiyese, enawo sapita padera. Ntchito yawo ndi kukuonetsani kukula kwenikweni kwa limene musankhe. Mukanena kuti nkhuku zibweretsa phindu la 2,000, mawu amenewo paokha sakuuzani kanthu. Kodi 2,000 ndi yambiri kapena yochepa? Mudziwa pokhapokha mutaona kuti ndalama yomweyo, m'miyezi yomweyo, kwina ikanabweretsa 500 kapena 5,000. Komanso kawirikawiri limene limasankhidwa pamapeto si limodzi mwa oyamba aja monga linabwerera. Limakhala mutu wa ganizo lina ndi miyendo ya linzake. Kugawa ndalama ndi ganizo nalonso, likhoza kulembedwa pabolodi ngati la nambala 18, koma liyesedwe ndi mitengo ngati anzake.

A wapampando, mukuti mu Epulo palibe anatsutsa. Ndikukhulupirira. Koma taonani mapepala a Loweruka, ali kwa mlembi. Pa anthu 14, ndi angati amene analemba nkhuku poyamba pamene palibe amene amawayang'ana?

Nachisale (mlembi): Ndawawerenga. Anayi analemba nkhuku poyamba, atatu analemba chapakati. Asanu ndi awiri sanalembe n'komwe.

Aphunzitsi a Jere: Ndiye theka la gulu linagwedeza mutu mu Epulo pa chinthu chimene silinali nacho m'mutima. Sanakunamizeni. Inu munayankhula poyamba, ndinu wamkulu kwa ambiri a iwo, ena ndi alamu anu, ena ndi ang'ono anu. Kwathu kuno mwana wolera bwino satsutsa mkulu wake pagulu, ndipo ndi khalidwe labwino. Koma khalidwe lomwelo limapha maganizo pamsonkhano. N'chifukwa chake ndimati pepala liyambe, pakamwa patsatire.

Mavuto: Kuno ku Mowatize kuntchito anatiphunzitsapo zimenezi. Amatiika pamalo amodzi, aliyense amaponya ganizo mofuula, wina akulemba, kenako timakweza manja, lochuluka manja lapambana. Ola limodzi zatheka. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ndiye ine ndikuona kuti kukhala payekhapayekha ndi pepala n'kosafunika, mphamvu ili pa kuganiza pamodzi. Loweruka likubwerali tingokweza manja pa 17 aja basi.

Aphunzitsi a Jere: Mavuto, theka la zimene wanena n'zoona. Njira yoponya maganizo pagulu popanda kudzudzulana inatchuka ndi munthu wina wa ku Amereka wa ntchito yotsatsa malonda, dzina lake Alex Osborn, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Mfundo zake ziwiri zikuluzikulu ndi zomwe ndinakuuzani zija: chulukitsani maganizo, ndipo kuweruza kudikire. Pamenepo sanalakwe. Koma mu 1958 ofufuza a pa yunivesite ya Yale anayesa njirayi. Anatenga magulu a anthu anayi oganiza pamodzi mokweza mawu, n'kuwayerekeza ndi anthu anayi oganiza aliyense payekha kenako n'kuphatikiza zimene alemba. Oganiza payekhapayekha aja anatulutsa maganizo ambiri kuposa a pagulu. Ena anabwereza kuyesaku pambuyo pake n'kupeza zofanana.

Chifukwa chake mukuchidziwa nonse ngakhale simunachitchule. Pagulu amayankhula mmodzi pa nthawi. Iwe uli ndi ganizo, ukudikira mnzako amalize, uku ukumvetsera zake, ndipo akamamaliza lako laja laiwalika kapena waliona ngati lachibwana. Komanso woyamba akanena nkhuku, wachiwiri amanena abakha, wachitatu nkhumba. Onse alowa m'khola ndipo palibe amene akuganizanso za msika kapena za dimba. Mitu yambiri ndi yofunika, mwambiwo sunaname, koma mutu uliwonse uyambe waganiza pawokha, ndiye mudzasonkhane.

Za kukweza manja pa maganizo 17, ayi mwananga. Anthu 14 pa zinthu 17, lopambana likhoza kupambana ndi manja atatu, ndipo manjawo amayang'ana kaye dzanja la wapampando. Komanso mudzakhala mukuvotera chinthu chimene simukudziwa mtengo wake.

Mavuto: Ndamva aphunzitsi. Komabe kuntchito kwathu zimayenda. Mwina chifukwa tonse ndife a msinkhu umodzi ndipo palibe chibale.

Nangozo: Ndilowepo ndi nkhani yanga, chifukwa zimenezi ndinaziona ndi maso. Gulu la kwa amayi anga kufupi ndi Biriwiri linasankha tomato chaka china. Anthu onse anagwirizana tsiku limodzi chifukwa chaka chapitacho wina anamanga nyumba ya malata ndi tomato. Koma zimene anaona iwo, mudzi wonse ndi midzi yoyandikana inaonanso. Tomato anapsa sabata imodzi kwa aliyense. Ndimakumbuka amayi atakhala m'mphepete mwa msewu ndi mabeseni asanu, dzuwa likulowa, madzi a tomato akudontha pansi pa beseni, ogula akutchula mtengo wosakwana ngakhale wolipira wonyamula. Ndiye funso langa kwa aphunzitsi: kodi akanalemba maganizo ambiri zikanawapulumutsa? Chifukwa ine ndikuona kuti akanalemba 20 n'kusankhabe tomato yemweyo.

Aphunzitsi a Jere: Funso labwino kwambiri, Nangozo, ndipo yankho ndi lakuti mwina akanasankhabe tomato. Kuchulukitsa maganizo pakokha sikupulumutsa munthu. Chimene chimapulumutsa ndi mafunso amene mumayesera maganizowo, ndipo mafunsowo muyenera kugwirizana musanayambe kuyang'ana ganizo lililonse. Mukawasankha pambuyo, aliyense amabweretsa funso lokomera ganizo lake.

Kwa gulu lanu ndikuona kuti muyambe ndi sefa ya mafunso awiri, oyankha eya kapena ayi. Kodi 24,000 ikukwana kuyamba ndi kufika pogulitsa popanda ngongole? Kodi ndalama ibwera isanafike Novembala? Lolephera limodzi mwa awiriwa lichoke, lilembedwe kumapeto kwa kope kuti lidzaonedwe chaka china. Chigayo chimagwa pa funso loyamba. Otsalawo ndiye muwayerekeze pa zinthu zitatu kapena zinayi zokha: phindu limene likuyembekezeka, zimene titsale nazo zikavuta, ntchito ya tsiku ndi tsiku agwira ndani, ndi funso la amayi ako lija, lakuti ndi angati ena amene adzakhale akugulitsa chinthu chomwecho sabata yomweyo. Funso lomalizali likanafunsidwa ku Biriwiri, tomato akanaoneka mwina.

Esinati (msungichuma): Ine sindinadikire. Lolemba ndinali ku Ulongwe ndipo ndinafunsa mitengo ya za nkhuku, poti ndi zimene tinatsala pang'ono kulipira. Ndiika apa monga anandiuzira, wina akapeza mtengo wotsika anene.

Mwanapiye mmodzi 60. Thumba la chakudya la makilo 50 ndi 2,300. Nkhuku yoyera imadya pafupifupi makilo 4 kufika masabata asanu ndi limodzi. Ndiye anapiye 100 amene timanena aja ndi 6,000, chakudya chawo makilo 400, matumba 8, ndi 18,400. Pamodzi 24,400. Tapyola kale ndalama yathu tisanagule katemera, makala, utuchi ndi zomwera. Tikanagula anapiye Loweruka, sabata yachisanu ikanatipeza tilibe chakudya, nthawi imene nkhuku zimadya kwambiri.

Ndinayesa ndi anapiye 70. Anapiye 4,200, matumba 6 ndi 13,800, zina zonse ndaika 3,000. Pamodzi 21,000, zikukwana. Zikafa zisanu n'kutsala 65, tikagulitsa pa 350 imodzi, ndi 22,750. Phindu 1,750. Tikagawana anthu 14 ndi 125 aliyense.

Wapampando: Achemwali, masamu anu sindikutsutsa, koma mwawerenga ulendo umodzi wokha. Nkhuku ndi masabata asanu ndi limodzi. Kuyambira Juni kufika Novembala tikhoza kuweta katatu. Zomwera ndi zodyera timagula kamodzi. Khola lilipo kale kwathu, silikufuna ndalama. Ndipo nkhuku ili ndi msika tsiku lililonse, maukwati a Ogasiti ndi Seputembala akubwera.

Esinati (msungichuma): Zoona, katatu ndi pafupifupi 5,000 kapena 6,000 zonse zikayenda bwino. Ndalemba choncho. Koma Juni ndi Julayi kuno ku Domwe mukukudziwa kuzizira kwake. Anapiye amafuna moto usiku wonse masabata awiri oyamba. Makala achuluka kuposa amene ndaika, ndipo wina ayenera kudzuka pakati pa usiku. Ndani?

Aphunzitsi a Jere: Taonani zimene zachitika apa. Ganizo la nkhuku silinafe, lasintha. Linali anapiye 100 kamodzi, tsopano ndi 70 katatu, ndipo lili ndi nambala pambali pake ndi funso la wodzuka usiku. A wapampando, ganizo lanu lalimba kuposa mmene linalili mu Epulo. Chimene chatsala n'chakuti ena anayi kapena asanu achitidwe chimodzimodzi, ndi khama lomwelo. Apa ndi pamene magulu ambiri amadzinamiza. Ganizo lokondedwa amaliwerengera bwinobwino, enawo amangowatchula kuti zioneke ngati anayerekeza. Mudzazindikira kuti zimenezi zikuchitika mukaona ganizo limodzi lili ndi tsamba lathunthu pamene enawo ali ndi mzere umodziumodzi.

Limbani: Ine ndinalemba za kugula nyemba pano zikadali zotsika mtengo n'kusunga. Ndafunsa dzulo pamsika wathu, lata ndi 1,200. Malata 18 ndi 21,600, yotsalayo tigule matumba aja osalowa mpweya ndi kulipira ngolo. Chaka chatha mu Novembala ine ndinagula lata pa 1,500. Zikabwereza, ndi 27,000. Tikachotsa zonse phindu lifika pafupifupi 3,000, popanda wodzuka usiku, ndipo zikavuta nyemba timadya kapena kubzala. Nkhuku yakufa simuigulitsa.

Nangozo: Achimwene, mtengo wa chaka chimodzi si lamulo. Nyemba za kudimba zimayamba kutuluka chakumapeto kwa chilimwe, nthawi yomwe mukufuna kugulitsayo. Ndipo ogula ambiri a kuno amachokera tsidya lija, amabwera ndi makwacha. Mukukumbuka Novembala wa 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti? Amene anagulitsa katundu pa makwacha masiku amenewo n'kusunga ndalamayo kunyumba anadzuka ali ndi pepala lopepuka, pamene feteleza timagula pa metikali. Ndiye mukalemba nyemba, mulembenso kuti tigulitsa kwa ndani ndipo pa ndalama iti.

Limbani: Chabwino, ndifunsa amalonda atatu osiyana za mitengo ya Novembala ya zaka ziwiri zapitazi, osadalira kukumbukira kwanga kokha.

Koma ndili ndi dandaulo lina pa njira ya pepalayi, ndipo ndikuyankhulira ena amene sangalembe pano. Loweruka anzathu awiri anapereka mapepala opanda kanthu. Si kuti alibe maganizo. Mmodzi wa iwo ndiye katswiri wa dimba pagulu lonse. Sukulu anasiyira panjira, ndipo pang'ono pamene anaphunzira ndi pa Chipwitikizi, kulemba Chichewa amachita manyazi. Ndiye njira imene mukuti imateteza ofooka pakamwa yapondereza ofooka pa cholembera.

Aphunzitsi a Jere: Limbani wanena chinthu cholemera. Chofunika m'njirayi si cholembera ayi, chofunika n'chakuti munthu aganize asanamve za ena, ndipo ganizo lake lifike pabolodi lisanapimidwe ndi nkhope ya wina. Zimenezi zitheka m'njira zina. Mlembi akhale panja pansi pa mtengo, aliyense apite yekha akamunong'oneze. Kapena aliyense atumize mawu ojambula kwa mlembi yekha, osati pagulu lino, tsiku lisanafike. Ndipo zichitike kwa onse, osati kwa awiri okhawo, kuti pasakhale wolozedwa chala. Nachisale, awiriwo uwaone sabata ino, zimene anene ziwonjezedwe pa 17 paja.

Nachisale (mlembi): Mmodzi ndamuona kale madzulo ano. Wanena zinthu zitatu, ndipo chimodzi palibe amene anachilemba. Akuti tifese nazale ya kabichi ndi anyezi pa dimba la agogo ake, tizigulitsa mbande kwa alimi a madimba. Akuti anthu ambiri nazale zawo zimaola kapena kudyedwa ndi nkhuku, ndiye amayendayenda kufuna mbande. Mbande ya kabichi imakhala yokonzeka kuwokera pakatha mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo ndalama yoyambira ndi yochepa: mbewu, manyowa, makheni awiri, udzu wophimbira ndi mpanda.

Mavuto: Limenelo ndiye ganizo. Ine dzanja langa lili pamenepo kale.

Aphunzitsi a Jere: Tsitsa kaye dzanja, Mavuto. Ganizo latsopano limakoma chifukwa palibe amene waliwerengera. Lilinso ndi mafunso ake. Ndi alimi angati amene angagule, ndipo mbande imodzi kapena mzere umodzi amagula pa zingati? Mbande ikakula osagulidwa sidikira, imapita. Ndipo ngati likufuna 4,000 yokha, 20,000 yotsalayo ikhala ikutani? Apa mwina ndi pamene mawu a Tiyese angabwererenso mwanjira ina, nazale pamodzi ndi nyemba, poti chimodzi chimafuna manja ndipo china chimafuna ndalama. Koma ziwerengedwe kaye.

Ubwino wa ganizo ngati limeneli ndi wakuti likhoza kuyesedwa pang'ono. Bedi limodzi, mapaketi awiri a mbewu, muone ngati anthu abwera. Nkhuku simungaziyese ndi anapiye asanu n'kudziwa kanthu. Zimenezinso muziike poyerekeza.

Tiyese: Ndiye tsiku losankha tichita bwanji ngati manja ayi?

Aphunzitsi a Jere: Sefa ikatha mutsale ndi asanu, osapitirira. Aliyense mwa asanuwo apatsidwe anthu awiri kapena atatu okafufuza, ndipo pakati pawo pakhale mmodzi amene salikonda ganizolo. Abwere ndi tsamba limodzi: ndalama yolowa, yotuluka, mwezi wogulitsa, wogwira ntchito, ndi chimene chingalakwike. Kenako muwatenge awiriawiri. Nkhuku ndi nyemba, chabwino n'chiti ndipo chifukwa chiyani? Nkhuku ndi nazale? Maganizo asanu amapereka mapeyala 10, ola limodzi likwana. Mukanatenga onse 17 akanakhala mapeyala 136, n'chifukwa chake sefa imayamba. Alangizi a zaulimi amagwiritsa ntchito njira imeneyi m'midzi, ena mwa inu munaionapo. Phindu lake lalikulu si chiwerengero, ndi zifukwa zimene anthu amatchula, mlembi azilembe.

Nthawi zina zimazungulira: nkhuku iposa nyemba, nyemba iposa nazale, nazale n'kuposanso nkhuku. Zikatero musadabwe. Zikutanthauza kuti pa peyala iliyonse mumagwiritsa ntchito muyeso wosiyana, pena phindu, pena chitetezo, pena kupepuka kwa ntchito. Imani mugwirizane kuti chachikulu kwa inu chaka chino n'chiti.

Pomaliza ikani makapu asanu kuseri kwa chitseko, aliyense apatsidwe njere 10 za chimanga, alowe yekha agawe monga akufunira. Koma njerezo zimayeza mtima wa gulu, sizisintha mtengo wa chakudya cha nkhuku. Ganizo limene masamu ake akana lisafike n'komwe pa makapu.

Wapampando: Aphunzitsi, ndamva zonse ndipo za anapiye 100 ndazisiya. Koma nkhawa yanga ya nthawi ikadalipo ndipo palibe amene waiyankha. Nyemba za Limbani zikukwera mtengo sabata iliyonse imene tikukambirana. Madimba anthu ayamba kale kuwokera. Tikatha mwezi tikuyerekeza, maganizo atatu mwa asanuwo adzakhala atafa okha, ndipo tidzasankha chotsala, osati chabwino.

Aphunzitsi a Jere: Pamenepo muli ndi mfundo ndipo sindikutsutsani. Kuyerekeza kopanda tsiku lomaliza ndi njira ina yothawira kusankha. Misonkhano iwiri basi: wa Loweruka lapitali unali wotulutsa, wa Loweruka likubwerali ukhale wosankha. Ndipo khama likhale lolingana ndi kukula kwa chinthu. Izi n'zoyenera pa ndalama yonse ya gulu, imene ikapita sibwerera mpaka chaka chamawa. Posankha tsiku losesa pabwalo la mpira musaitane makapu.

Esinati (msungichuma): Masiku atsala anayi. Sefa tichite pano usiku uno kuti ofufuza ayambe mawa. Ine ndikuona kuti chigayo, njinga yamoto ya kabaza ndi mipando yobwereketsa pamaliro zikugwa pa ndalama. Mapampu opopera mbatatesi obwereketsa ndalama ikukwana, koma ntchito yake yambiri ndi ya dzinja, chiwawu chikavuta, ndiye ndalama sibwera isanafike Novembala.

Nangozo: Mapampu musawachotse msanga. A madimba amapoperanso chilimwe. Ndipo ndani ananena kuti Novembala ndi lamulo? Ine feteleza wanga ndimapeza njira ina. Ngati chinthu chili chabwino koma chibweza ndalama mu Febuluwale, tichitaye chifukwa cha mwezi?

Limbani: Inu mumapeza njira ina, achemwali, koma ambiri aife tinasonkha tikudalira Novembala. Tikasintha pamenepo ndiye tasintha funso lonse.

Nachisale (mlembi): Nkhani ya Novembala sitingaimange ndi anthu asanu ndi atatu okha amene ali pa foni usiku uno, ena alibe mayunitsi. Ndiika ngati mfundo yoyamba Loweruka. Pakadali pano mapampu ndawasiya pamndandanda ndi chizindikiro cha funso.

Palinso china chimene sitinagwirizane. Wapampando akufuna kuti patsamba lililonse palembedwe dzina la mwini ganizo, kuti adzayankhe zikavuta. Mnzathu wa nazale uja wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe mpaka titasankha. Aphunzitsi, apa mukuti bwanji?

Aphunzitsi a Jere: Ine ndikanakonda mayina abisike mpaka makapu atawerengedwa, ndipo likasankhidwa likhale la gulu lonse, pokoma ndi powawa pomwe. Koma gululi ndi lanu, ndipo a wapampando ali ndi chifukwa chawo chimene muyenera kuchimva.

Wapampando: Chifukwa changa n'chakuti chinthu cha aliyense chimasowa wochiyang'anira. Tikambirana Loweruka. Esinati, mawa ndikuperekeza ku Ulongwe tikafunse za makala ndi katemera, ndipo undiike pa gulu lofufuza nyemba, poti ndine amene sindikuzikonda.

Nachisale (mlembi): Ndalemba. Nyemba: Limbani ndi wapampando. Nkhuku: Esinati ndi Nangozo. Nazale ikusowa munthu wachiwiri woikayikira, ndipo chiwaya cha pamsika palibe amene wachitenga. Amene angathe anditumizire kumbali isanakwane 8 koloko mawa m'mawa.